Makalata a Omvera: Alamu Akufuna Nyumba

Mayi mwatilemberanu kuchokera ku Dedza, pepani ndi imfa ya bambo a kunyumba. Mwati sanasiye wilo, ndipo alamu anu akuti mwamwambo nyumba ndi yawo, ana ndi a kwa atsibweni.

Mayi, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaposa mwambowo. Munthu akamwalira wopanda wilo, oyamba kugawiridwa ndi mkazi, ana onse, obadwira kunja kwa banja omwe, ndiponso makolo ake ndi ana ena aang'ono amene ankadalira malemuyo. Ziwiya za m'nyumba ndi zanu. Mchimwene amene sankadalira malemu alibepo gawo pamene inu ndi ana mulipo, ndipo kulanda ndi mlandu.

Musasaine chilichonse. Tengani kalata ya imfa, mupite kwa DC.