Kubwerera ku Mayeso a Fomu 4 Mutakula: Yambani ndi Kuwerengetsa Maola

Munthu amene anasiya sukulu zaka khumi kapena kuposerapo, akaganiza zolembanso mayeso a Fomu 4, kawirikawiri amathamangira kugula makope ndi kubwereka mabuku. Pakatha miyezi iwiri mabukuwo amapezeka ali pansi pa bedi. Nzeru amakhala ali nazo ndithu, chimene chimamugwetsa ndi nthawi. Wophunzira wa kusekondale amakhala m'kalasi tsiku lonse, pamene inu muli ndi munda, geni, ana ndi maliro a m'mudzi. Choncho ndondomeko yanu iyenera kuyambira pa maola amene mulidi nawo.

Choyamba, dziwani chimene mukulondola. Bungwe la Maneb limapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9. Magiredi 1 ndi 2 ndiwo apamwamba, 3 mpaka 6 ndi kerediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, ndipo 9 ndi kulephera. Kuti mulandire satifiketi muyenera kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi, pakhale kerediti imodzi kapena kuposerapo, apo ayi maphunziro asanu, pakhale makerediti atatu. M'njira zonse ziwirizi Chingerezi chiyenera kukhalapo. Mukhoza kuchita bwino kwambiri pa maphunziro ena onse, koma mukagwa Chingerezi satifiketi palibe. Ngati cholinga chanu ndi kukaphunzira unamwino kapena uphunzitsi, pitani mukaone zimene kolejiyo imafuna musanasankhe maphunziro, chifukwa satifiketi yokha siyitsegula khomo lililonse.

Tiyerekeze mayi wogulitsa tomato pamsika, amene analephera mayesowa kalekale ndipo akufuna kuyesanso. Akadzifunsa moona mtima, akupeza kuti angathe kuwerenga ola limodzi ndi theka m'bandakucha, Lolemba mpaka Lachisanu, ana asanadzuke. Amenewo ndi maola asanu ndi awiri ndi theka. Loweruka madzulo akuwonjezera maola atatu, Lamulungu ola limodzi ndi theka. Onse pamodzi ndi maola 12 pa sabata. Kuyambira mu Seputembala, pamene chaka cha sukulu chimayamba, kufika kumapeto kwa Juni, pamene mayeso amakhala atayandikira, pali masabata pafupifupi 40. Tichotsepo asanu ndi limodzi a kubzala, kupalira, matenda ndi maliro, pakuti zimenezi zidzabwera ndithu. Patsala masabata 34, ndiye kuti maola 408.

Chiwerengero chimenechi chimaoneka chachikulu kufikira mutachigawa. Mayiyu akatenga maphunziro asanu ndi anayi, lililonse lipeza maola 45 okha, oti abwerezeremo ntchito ya zaka ziwiri. Akatenga asanu ndi limodzi, lililonse lipeza maola 68, koma limodzi likangomutaya adzafunika makerediti atatu pa asanu otsalawo. Ine ndimalangiza asanu ndi awiri: asanu ndi limodzi oyenera, ndi limodzi lopulumukira.

Maolawo asagawidwe mofanana. Mayi wathu wasankha Chingerezi, Masamu, Bayoloje, Chichewa, Ulimi, Jogalafe ndi Baibulo. Pa maola 12 aja, Chingerezi chitenge atatu, Masamu atatu, Bayoloje awiri, ndipo anayi otsalawo litenge ola limodzi lililonse. Chingerezi chapatsidwa ambiri chifukwa, kupatula Chichewa, mafunso onse amafunsidwa m'Chingerezi. Amene sasiyanitsa funso lofuna kungotchula ndi lofuna kufotokoza amataya malikisi ngakhale pa Ulimi umene amaudziwa kumunda. Masamu nawo amaiwalika msanga, ndipo mutu uliwonse umatsamira pa unzake. Ndi bwino kuwachita pang'onopang'ono masiku ambiri kusiyana ndi kuwaunjika onse Loweruka.

Masabata awiri oyamba musawerenge notsi. Pezani mapepala a mayeso a zaka zaposachedwa kusekondale yapafupi, mukhale pansi ndi wotchi, mulembe pepala limodzi pa phunziro lililonse popanda kutsegula buku. Kenaka pemphani mphunzitsi akuchongereni. Zotsatira zake zidzakuwawani, koma zidzakuonetsani poyambira. Mayi uja angapeze kuti mafunso a phindu ndi maperesenti sakumuvuta, popeza amachita zimenezo tsiku ndi tsiku pamsika, koma alijebura yamuthawa yense. Pamenepo asachite manyazi kutenga buku la Fomu 1 ndi la Fomu 2. Amene amalumphira buku la Fomu 4 manambala okhala ndi chizindikiro chochotsera akadali kumusokoneza amangodzizunza.

Pa nthawi yomweyo funsani za silabasi. Maphunziro anasintha kuchokera pamene ambiri a inu munali pasukulu. Mwachitsanzo, Fizikisi ndi Kemisitiri, zimene kale zinali phunziro limodzi, tsopano zimalembedwa padera. Mabuku a nkhani, ndakatulo ndi zisudzo a Chichewa ndi Chingerezi nawonso amasinthidwa pakapita zaka. Notsi zanu zakale zingathandize pa mitu ina, koma musazikhulupirire musanazifanizire ndi za mwana amene ali Fomu 4 chaka chino.

Kuyambira Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi ndi nthawi yodutsa mitu yonse. Gwirani ntchito yolemera mvula isanagwe, podziwa kuti mu Disembala ndi Januwale khasu lidzakulandani maola. M'miyezi iwiriyo, ngati zavuta, tsitsani zina zonse koma musasiye Chingerezi ndi Masamu, ngakhale theka la ola patsiku. M'nyengo yomweyi muzifika pafupipafupi kusukulu imene mukufuna kudzalemberako kuti nthawi yolembetsa ndi yolipira isakudutseni, ndipo muonetsetse kuti dzina lanu ndi maphunziro anu zalembedwa molondola. Sungani umboni wa malipiro. Dziwaninso kuti Bayoloje ndi Ulimi zili ndi mayeso ogwira ndi manja, amene simungawaphunzire pamphasa kunyumba. Apa m'pamene sukulu za openi, zimene zimaphunzitsa masana m'masekondale ambiri, zimathandiza, ngakhale mutamapitako kawiri kokha pa sabata.

Kawerengedwe kenikeni ndi kumene akuluakulu ambiri amalakwitsa. Amakopera notsi mwaukhondo, kope n'kudzaza, iwo n'kumaganiza kuti aphunzira. Pa ola limodzi ndi theka lija, werengani mphindi 40, tsekani buku, lembani zimene mwakumbukira, kenaka yankhani mafunso awiri kapena atatu pa mutuwo. Mawa lake ubwerezeni mphindi khumi, muubwerezenso pakatha sabata, ndiponso pakatha mwezi. Khalani ndi kope limodzi lolembamo zolakwa zanu zokha: funso, yankho lanu, yankho lolondola ndi chimene chinakusocheretsani. Ngati kopeli lili lopanda kanthu pakatha mwezi, sikuti simukulakwa, koma kuti simukudziyesa.

Kuchokera mu Epulo musayambenso mutu watsopano waukulu. Loweruka lililonse lembani pepala lathunthu m'nthawi yake yeniyeni, ndipo sabata iliyonse mulembe chimangirizo chimodzi cha Chingerezi chokachongetsa. Dzanja limene latha zaka osalemba kwa maola awiri limatopa, ndipo ndi bwino litope kunyumba. Mayi wathu akaona kuti pa mapepala atatu otsatizana a Jogalafe sakusuntha, pamene Bayoloje yatsala pang'ono kufika pa kerediti, achepetse ola la Jogalafe kukhala theka, theka linalo alipereke ku Bayoloje.