Bilu yanu yoyamba ya madzi: iwerengeni musanalipire

Mwana wa mchemwali wanga atangotha mwezi umodzi m'nyumba yake yoyamba ya lendi, ananditumizira chithunzi pa WhatsApp usiku. Chinali chithunzi cha bilu ya madzi, chojambulidwa mopendama, chala chake chitaphimba ngodya ina. Pansi pake analemba kuti: "Malume, K87,200 madzi okha? Tilipo awiri m'nyumba muno." Iye anali ataona nambala yam'munsi yokha, monga timachitira ambirife. Ndinamuuza ajambulenso pepala lonse powala, m'mawa akajambulenso nkhope ya mita, ndiye tikambirane. Zomwe tinakambiranazo ndi zomwe ndalemba muno. Mitengo ndaisintha kuti masamu aphweke. Mitengo yeniyeni imasintha nthawi ndi nthawi, ndiponso imasiyana pakati pa mabodi a madzi asanu a m'dziko muno: ya Lilongwe, ya Blantyre, ndi za zigawo zitatu, kumpoto, pakati ndi kummwera. Kasanjidwe ka pepala nakonso kamasiyana, koma mizere ikuluikulu ndi yomweyi.

Yambani pamwamba, pomwe anthu ambiri sayang'ana n'komwe. Pali dzina, nambala ya akaunti ndi nambala ya mita. Nambala ya akaunti ndi yomwe mudzalembe polipira kudzera pa Airtel Money, pa Mpamba kapena kubanki, ndipo mukalakwitsa nambala imodzi yokha mwalipirira munthu wina. Nambala ya mita nayo muiyerekeze ndi yomwe yadindidwa pa mita yeniyeniyo panja. Pamapuloti omwe pali nyumba zitatu kapena zinayi, mamita atandondozana pakhoma limodzi, n'chapafupi kumalipira madzi a neba osadziwa. Mukakayika, tsegulani mpopi wa m'nyumba mwanu, wina akaone mita yomwe ikuyenda. Pabilu ya mnyamata wathuyu nambala zinagwirizana, koma dzina linali la landilodi. Za dzinalo tibwererako.

Kenako pakubwera manambala awiri omwe bilu yonse yatsamirapo. Pomwe palembedwa Previous Reading pali nambala yomwe mita inkaonetsa ulendo wapitawo, ndipo pomwe palembedwa Present Reading kapena Current Reading pali yomwe woŵerenga mita wapeza ulendo uno. Pa iye panali 412 ndi 431. Mukachotsera mupeza 19, ndipo 19 yemweyo ayenera kuoneka pamzere wa Consumption. Awa ndi mayunitsi a madzi. Yunitsi imodzi ndi malita 1,000, kutanthauza migolo isanu ya malita 200, kapena ndowa 50 za malita 20.

Tsopano tengani chithunzi cha mita. Manambala akuda ndiwo mayunitsi athunthu, ndipo ndi okhawo omwe amalowa pabilu. Ofiira amaŵerenga malita omwe sanakwane yunitsi. Mita yake m'mawa umenewo inkaonetsa 433 m'manambala akuda, patatha masiku atatu chiŵerengereni. Zinali zomveka: mita siibwerera m'mbuyo, choncho nambala ya pamita lero iyenera kufanana kapena kuposerako pang'ono ya pabilu. Bilu ikanena 431 pomwe mita yanu ikadali pa 421, ndiye kuti woŵerenga analakwitsa polemba, kapena sanafike n'komwe. Geti likakhala lokiya, galu ali panja, kapena mita itakwiririka m'matope, bodi imangoyerekeza potengera miyezi yam'mbuyo, ndipo mabilu ena amaika chizindikiro chosonyeza kuti nambalayo ndi yongoyerekeza. Zikatero pitani ndi chithunzi cha mita ku ofesi mukapemphe kuti akonze. Chithunzicho chionetse manambala ndi nambala ya mita pamodzi.

Pa iye bodi sinalakwitse. Komabe ine 19 uja sanandikhalire bwino. Ndinamufunsa kuti: "Iwe, malita 19,000 pamasiku 30 ndi malita oposa 630 patsiku. Ndowa zoposa 30 tsiku lililonse. Inu awiri mukusamba kangati?" Anaseka, n'kunena kuti onse amachoka m'mamawa n'kubwera madzulo, dimba alibe, galimoto yotsuka alibenso.

Ndinamuuza achite izi. Usiku pogona atseke mipopi yonse, alembe manambala onse a pamita, akuda ndi ofiira omwe, ndipo wina asatsegule madzi kapena kugujumula chimbudzi mpaka m'mawa. Pogona mita inali pa mayunitsi 433 ndi malita 270. Patatha maola asanu ndi atatu inali pa 433 ndi malita 390. Malita 120 anapita onse ali m'tulo. Patsiku amenewo ndi malita 360, ndipo pamwezi ndi malita pafupifupi 11,000, kutanthauza mayunitsi 11 mwa 19 aja. Pamita zambiri pali kagudumu kakang'ono kooneka ngati nyenyezi. Mipopi yonse ikakhala yotseka, kayenera kuima chilili. Kake kankazungulira pang'onopang'ono. Atatseka kampopi kolowetsa madzi m'thanki ya chimbudzi, kanaima. Labala yam'thanki inali itatha, madzi akutsikira m'chimbudzi mwakachetechete usana ndi usiku. Kuti mudzionere nokha, matani kapepala kouma ka kuchimbudzi m'kati mwa mbale chakumbuyo, pamwamba pa madzi: kakanyowa musanagujumule, thanki ikudontha.

Apa mpofunika kudziwa malire. Paipi ikaphulika isanafike pamita, kumbali ya msewu, ndi udindo wa bodi, ndipo madziwo salowa pabilu yanu. Inu kwanu n'kuwadziwitsa. Madzi onse odutsa pamita ndi anu, kaya mwamwa, kaya athera pansi. Choncho mayunitsi 11 aja anayenera kuwalipira, ndipo nkhani ya labala inali ya iye ndi landilodi, osati bodi.

Mzere wotsatira ndi wa mtengo wa madziwo, ndipo apa ndi pomwe kudontha kumaluma kawiri. Madzi a pakhomo amagulitsidwa m'magawo: mayunitsi oyambirira ndi otsika mtengo, ndipo mukamapitirira mtengo wa yunitsi umakwera. Tinene kuti asanu oyamba ali pa K700 iliyonse, asanu otsatira pa K1,200, ndipo opitirira 10 ali pa K1,600. Mayunitsi 19 akhala K3,500, kuphatikiza K6,000, kuphatikizanso K14,400 ya mayunitsi 9 otsalawo, zonse pamodzi K23,900. Akanagwiritsa ntchito mayunitsi 8 okha akanalipira K7,100. Labala yakutha ija inamudyera K16,800 mwezi umodzi, chifukwa madzi otayika ndi omwe amakukankhirani m'gawo lodula. Onaninso gulu lomwe akaunti yanu ili. Nyumba yokhalamo ili ndi mtengo wake, wosiyana ndi wa malo a bizinesi. Ngati m'nyumbamo munali saluni kapena malo odyera inu musanalowe, tsimikizani kuti simukulipitsidwa mtengo wa bizinesi.

Pansi pa mzere wa mtengowo panali K1,500 yolipira mwezi ndi mwezi kaya mwatunga kaya ayi. Ndalama yotere siyendera mayunitsi, ndipo palibe chokangana nacho bola ikhale yofanana ndi ya pamndandanda wa mitengo, womwe muli ndi ufulu woupempha ku ofesi. Ndiye madzi a mwezi wake anakwana K25,400.

Nanga K87,200 inachokera kuti? Inali pamzere womwe iye anaulumpha, wolembedwa Balance B/F, kutanthauza ngongole yochokera m'miyezi yam'mbuyo. Panali K61,800, ndipo pamzere wa ndalama zolipiridwa panalibe kalikonse. Mwana uyu anali atakhalamo mwezi umodzi wokha. Ngongoleyo anaisiya ndi amene ankakhala m'nyumbamo iye asanalowe.

Ichi ndi chomwe chimagwetsa anthu ambiri ongoyamba kumene kudziimira paokha. Bodi imadziwa akaunti ndi mita, sidziwa kuti m'nyumbamo mwalowa munthu watsopano. Ngongole ikakula amadula madzi panyumbapo, ndipo amene amakhala ndi ndowa m'manja ndi inuyo, pomwe wodya ngongoleyo ali kutali. Poti akaunti inali m'dzina la landilodi, ndinamuuza apite naye ku ofesi ya bodi akapemphe sitetimenti ya akauntiyo, pepala losonyeza bilu ya mwezi uliwonse ndi ndalama iliyonse yomwe inalipiridwa. Sitetimentiyo inaonetsa poyera kuti ngongole inaunjikana miyezi inayi iye asanalowe. Landilodi poyamba anati, "Ingolipirani, tidzaona." Mawu akuti tidzaona musawavomere. Anagwirizana kuti mnyamatayo alipire ndalama yonse kuti madzi asadulidwe, K61,800 ichotsedwe pa lendi ya mwezi wotsatira, ndipo analemberana pakapepala onse n'kusaina. Mukadula lendi nokha popanda kulemberana, mwayambitsa mlandu wina. Akanajambula mita tsiku lolowa m'nyumba, n'kupempha kuona bilu yomaliza asanapereke lendi, zonsezi sizikanamupeza. Mudzachitenso chimodzimodzi tsiku lotuluka, kuti wina asadzakunamizireni.

Mzere womaliza ndi tsiku lomwe muyenera kukhala mutalipira. Likadutsa, bodi ili ndi mphamvu yodula madzi, ndipo kuti akulumikizireninso mumalipira ngongoleyo kuphatikizapo ndalama ina yolumikizira. Ngati simungathe kulipira yonse, kapena mukutsutsa biluyo, pitani ku ofesi tsikulo lisanafike, osati atadula kale. Lipirani gawo lomwe simukulitsutsa, mupemphe kuti yotsalayo muzipereka pang'onopang'ono kapena iunikidwe kaye. Dandaulo likhale lolemba: nambala ya akaunti, nambala ya mita, mzere womwe mukuutsutsa, ndi chithunzi. Sungani kope lodindidwa, mulembenso tsiku ndi dzina la amene wakulandirani. Ngati mwatsimikiza kuti palibe pomwe pakudontha koma mayunitsi ndi ochulukabe, mukhoza kupempha kuti mita iyezedwe. Funsiranitu ngati pali cholipira ikapezeka kuti ili bwino. Mukhoza kuiyesako nokha kaye: dzazani ndowa ya malita 20 kasanu, ndipo manambala ofiira ayenera kuyenda ndi malita pafupifupi 100.

Mukaona kuti bodi sikukuthandizani, nkhani simathera pomwepo. Ofesi ya Ombudsman imamva madandaulo a anthu omwe sanachitiridwe chilungamo ndi mabungwe a boma, ndipo simulipira. Bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pamalonda, limalandiranso madandaulo a ogula. Konseko adzafuna kuona kuti munayamba mwadandaula ku bodi, n'chifukwa chake kope lija n'lofunika.

Woŵerenga mita kapena wodula madzi musamupatse ndalama m'manja, ngakhale atanena kuti akuthandizani. Ndalama yopanda lisiti sifika pa akaunti yanu. Ndipo akadula, musaitane pulambala kuti alumikize mozemba, chifukwa umenewo ndi mlandu wokhala ndi chindapusa.

Mwezi wotsatira mwana uja anatumizanso chithunzi, ulendo uno chowongoka bwino. Labala anali atasintha, pa Balance B/F panalibe kanthu, ndipo Consumption inali 9. Inunso mawa m'mawa, musanatsegule mpopi, kajambuleni mita yanu.