Kupempha ndalama za zipangizo zamasewera: mafunso ndi mayankho

Kodi kalata yopempha ndalamayi ipite kwa ndani?

Kwa mphunzitsi wamkulu. Lembani tsiku, mutu wa kalata ndi chiwerengero cha ophunzira amene akugwiritsa ntchito mipira yomwe yatsala, kenako musayine.

Mndandanda wa mitengo ulembedwe bwanji?

Chinthu chilichonse chikhale ndi kuchuluka kwake, mtengo wa chimodzi ndi mtengo wa zonse. Mitengo iyi ndi yongoyerekeza, musaikopere: mipira yamiyendo 2 pa K35,000 umodzi ndi K70,000, mipira yamanja 2 pa K30,000 ndi K60,000, pampu ndi singano yake K12,000, mawenzulo 2 pa K4,000 ndi K8,000, thiransipoti K10,000. Zonse pamodzi K160,000. Tchulaninso saizi ya mpira, poti wa saizi 5 umawakulira ana a makalasi a m'munsi. Iwo amafuna wa saizi 4. Thiransipoti ndi yomwe ambiri amaiwala, mapeto ake n'kulipira basi ndi ndalama za m'thumba mwawo.

Nanga mitengo ikakwera ndalama zisanatuluke?

Zimachitika ndithu. Pempho likhoza kudikira msonkhano wa komiti ya sukulu, ndipo ngati zamasewera sizinaikidwe m'pulani ya chitukuko cha sukulu, likhoza kukhalitsa. Kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, katundu wochokera kunja n'kukwera mtengo. N'chifukwa chake timalangiza kuphatikiza makotesheni, makamaka a masitolo atatu, okhala ndi tsiku ndi chidindo. M'kalatamo onjezani mawu akuti mitengoyi ndi ya tsiku lakutilakuti ndipo ingathe kusintha.

Ndikafika kusitolo n'kupeza ndalama zaperewera, ndiwonjezere zanga?

Sitikulimbikitsa zimenezo, chifukwa sitingalonjeze kuti sukulu idzakubwezerani. Tinene kuti mpira wamiyendo wafika pa K40,000. Iwiri ndi K80,000, ndiye kuti mwaperewera K10,000. Imbirani ahedi muli pomwepo. Akavomera, gulani umodzi ndi zina zonsezo, ndipo K30,000 yotsalayo muibweze kuofesi, wolandira asayinire. Kuthamangira mpira wotchipa wa pamsika pofuna kuti ikwane iwiri sikuthandiza: pabwalo la fumbi ndi timiyala umasosoka msoko temu isanathe.

Bwanji osangokweza mitengo pang'ono m'kalata?

Ayi. Mtengo wa m'kalata ukasiyana ndi wa pakotesheni, ndi pamene anthu amayamba kukayikira. Ngati mukufuna ndalama yapadera yoti ithandize mitengo ikakwera, ilembeni poyera pamzere wakewake, komiti ione yokha ngati ingavomere.

Ndiye zikaperewerabe, mlandu ndi wanga?

Funsoli timalilandira kawirikawiri. Nthawi zambiri ayi, malinga muli ndi kope la kalata, makotesheni ndi malisiti, ndipo katunduyo walembedwa m'buku la katundu wa sukulu tsiku lomwe wafika. Chimodzi mwa izi chikasowa, kufotokoza kumavuta.