Khola la alendo: nkhuku yogula isalowe m'gulu tsiku lomwelo

Kwa inu oweta nkhuku kuseri kwa nyumba ku Mufakose, Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa, nali khola laling'ono loti mukhale nalo musanagule nkhuku ina. Ndi bokosi la matabwa ndi waya, lofolera bwino, lokwezedwa pa njerwa, lokhala ndi chodyera ndi chomwera chakechake. Mamita 10 kuchokera ku khola lalikulu ndi abwino, koma poti mapuloti a kuno ndi opanikizana, liikeni mbali ina ya nyumba kuti khoma likhale pakati.

Tinene kuti muli ndi nkhuku 20 ndipo Loweruka mwagula tambala ku Mbare Musika. Akulira bwino, maso ali gwa. Komatu mumsika anaunjikidwa pamodzi ndi nkhuku za m'madera osiyanasiyana. Chitopa chimabisala m'thupi masiku 2 mpaka 15, kawirikawiri 5 kapena 6, nkhuku isanaonetse kudwala. Tambala amene watenga matendawa Lachisanu angayambe kufooka Lachitatu kapena Lachinayi, atamwa kale m'chomwera chimodzi ndi nkhuku zanu zonse. N'chifukwa chake ayenera kukhala yekha masiku 21.

M'mawa uliwonse muyang'aneni. Zitosi zamadzi zobiriwira, kupuma moyasamula kukamwa, mapiko kugwa ndi khosi kupindika ndi zizindikiro za chitopa. Tsegulaninso nthenga pansi pa mapiko, muone ngati muli nsabwe kapena nthata. Akadwala, musamuphe kuti mugulitse, ndipo dziwitsani a vetenale msanga. Akafa, mutentheni kapena mumukwirire mozama, osamutaya kudzala kumene agalu angamukoke. Ngati munagula zingapo ndipo imodzi yadwala, zotsalazo musazitulutse mpaka alangizi a ziweto ataziona.

Ambiri amalakwitsa pa kagwiridwe ka ntchito. Yambani kudyetsa nkhuku zanu zakale, mlendoyo pomaliza, kenako sambani m'manja ndi sopo. Kachilombo ka chitopa kamayenda ndi zitosi zomatirira ku nsapato, choncho pakhomo la khola lililonse ikani beseni la madzi a jiki: kapu imodzi ya jiki, makapu 9 a madzi. Palani matope kaye musanaponde m'besenimo, chifukwa dothi ndi dzuwa zimachotsa mphamvu ya jiki. Sinthani madziwo tsiku lililonse. Ogula nkhuku azidikira pageti, inu muwatulutsire, pakuti mwina achokera pa khola lina.

Kholali lili ndi malire ake. Nkhuku yolandira katemera ikhoza kunyamula chitopa osadwala, n'kupatsira zinzake. Choncho sabata yoyamba donthezerani nkhuku zanu zakale katemera wa chitopa m'diso. Chitetezo chimakhwima pakatha pafupifupi masabata awiri, tambala asanatuluke. Akatuluka, palani zitosi, tsukani kholalo ndi sopo ndi jiki, muliyanike padzuwa musanaikemo nkhuku ina.