Mukasinthana shifiti, onani ngati zalembedwa

M'maloji ndi m'mahotela a m'mbali mwa nyanja ku Chintheche, kutsatira msewu wa M5 mpaka ku Bandawe ndi ku Kande, ntchito siyendera Loweruka kapena Lamulungu. Alendo amadya tsiku lililonse, ndipo ogwira ntchito amapuma mosinthana, wina Lachiwiri, wina Lachinayi, monga mwalembedwera pa ndandanda wa mashifiti umene ambiri amangouti rosita. Koma maliro sadikira kuti munthu akhale pa ofu. N'chifukwa chake kusinthana shifiti n'kofala, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Chimene chimapweteketsa anthu n'chakuti amaganiza kuti akagwirizana awiriwiri n'kuwuzako bwana pakamwa ndiye kuti zatha, pamene amene amawerengera malipiro sanamve kanthu.

Pa loji ina, imene sindiitchula dzina, panali mayi wina wa ku Bandawe woperekera zakudya. Lachisanu masana analandira uthenga wakuti amalume ake atisiya, ndipo mwambo woika maliro ukhala mawa lake. Loweruka limenelo iye anali pa shifiti ya m'mawa, yoyamba 6 koloko mpaka 2 koloko masana. Anapita kwa mnyamata wina wa ku Kande amene ofu yake inali Loweruka.

"Achimwene, ndagwa m'mavuto. Mundigwirireko mawa, ine ndidzakugwirirani Lachiwiri, paja ndi ofu yanga."

"Pepani achemwali, pitani mukaike maliro. Ine ndibwera."

Mayiyo sanachite zozemba. Anawapeza a supavaiza pakhomo la khitchini akuwerenga makireti a zakumwa amene galimoto inali kutsitsa, n'kuwafotokozera. Iwo, maso ali pa pepala, anati, "Pepani mayi. Palibe vuto, bola pakhale munthu." Loweruka mnyamata uja anabwera, n'kugwira ntchito bwinobwino. Lachiwiri mayiyo anabweza ngongole yake. Palibe mlendo amene anagona ndi njala, palibe amene ananamiza mnzake.

Komabe kutha kwa mwezi malipiro a mayiyo anaperewera, ndipo pamodzi ndi pepala la malipiro analandira kalata yomuitanitsa kuti akafotokoze chifukwa chimene anajombera.

Kuti timvetse mmene zinafikira pamenepo tiyenera kuona mmene dzina la munthu limayendera pa ntchito yotere. Pali malo awiri amene sayankhulana okha. Oyamba ndi mutu wa supavaiza, amene nkhawa yake ndi yakuti matebulo akhale ndi munthu. Achiwiri ndi zolembedwa: rosita imene ili mu kompyuta ya mu ofesi, ndi makina odindapo chala amene ali pageti. Kwina kulibe makina, kuli kaundula wosainamo, ndipo kwina kuli pulogalamu ya pafoni, koma kagwiridwe kake n'kamodzi. Wowerengera malipiro amaika rosita mbali iyi, zodinda chala mbali inayo, n'kuona pamene zasemphana. Dzina likakhala pa rosita koma chala palibe, ndiye kuti munthu anajomba. Chala chikakhalapo koma dzina palibe, ndiye kuti munthu anabwera tsiku limene sanaitanidwe.

Motero kusinthana kumodzi kuja kunabereka zolakwika zinayi. Loweruka mayi anaoneka wojomba, mnyamata n'kuoneka wobwera yekha. Lachiwiri zinatembenuka: mnyamata wojomba, mayi wobwera yekha. Chinaipitsa nkhani n'chakuti pa lojipo mabuku a malipiro amatsekedwa pa 20, ndipo Loweruka lija linali pa 19, Lachiwiri pa 22. Masiku awiriwa anagwera m'miyezi yosiyana ya malipiro, choncho wa mu ofesi sanaone kuti tsiku lina likubwezera linzake. Anangoona dzenje limodzi pa dzina la mayi. A supavaiza, amene akanafotokoza, anali atapita kutchuthi.

Tinene kuti onse awiri amalandira K130,000 pa mwezi wa masiku 26 ogwira ntchito. Tsiku limodzi ndi K5,000. Mayi anadulidwa K5,000. Mnyamata sanalandire kanthu pa Loweruka lake, chifukwa ofesi inati palibe amene analoleza, ndipo mwezi wotsatira K5,000 yake nayo inali pa mzere wodulidwa chifukwa cha Lachiwiri. Anthu awiri anagwira masiku onse oyenera, koma onse n'kukhala oluza.

Wina angati ofesiyo ndi yankhanza, bwanji osangolipira munthu amene chala chake chikuoneka? Apa pali chifukwa chenicheni cha ndalama. Lamulo la zolembana ntchito la mu 2000, pa gawo 39, limati munthu akagwira ntchito pa tsiku lake lopuma alipidwe kawiri malipiro a ola lililonse. Rosita ikasinthidwa, ofu ya mnyamata imasamukira Lachiwiri, ndipo Loweruka limasanduka tsiku wamba la K5,000. Ikapanda kusinthidwa, pa pepala Loweruka likadali ofu yake, ndipo kulivomera kuli ngati kuvomera K10,000. Palibe wowerengera ndalama amene angasainire zimenezo popanda wolamula. Lamulo lomwelo, pa gawo 56, limaletsa olemba ntchito kulipiritsa wantchito chindapusa, koma limawalola kusalipira nthawi imene munthu sanabwere popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka. Mawu amene ali ndi mano pamenepa ndi akuti chilolezo. Mayi anali nacho, koma chinali pakhomo la khitchini, osati pa pepala.

Pali chinthu china chimene onse atatu sanachione, ndipo ndi chimene chimandichititsa kunena kuti kulemba si mwambo chabe. Mnyamata uja anali atagwira kuyambira Lamulungu mpaka Lachisanu, masiku 6. Powonjezera Loweruka, Lamulungu ndi Lolemba, anagwira masiku 9 osapuma. Mayi nayenso, atapuma Loweruka la maliro, anayamba Lamulungu, n'kudutsa Lachiwiri limene akanapuma, mpaka Lolemba la sabata inayo: masiku 9. Gawo 36 la lamulo lija silolola kuti munthu agwiritsidwe ntchito masiku oposa 6 otsatizana popanda kupuma maola 24. Akanakhala kuti a supavaiza anatsegula rosita kuti alembe, akanawerenga masikuwo n'kuona kuti kusinthanaku sikungatheke momwemo. Akanapeza munthu wina, kapena kusuntha ofu ina kuti aliyense apumeko pakati. Munthu akamavomera pakamwa amaganiza za mawa lokha, koma akagwira cholembera amaona sabata yonse.

Nanga mayi akanachita chiyani, poti maliro samupatsa munthu nthawi? Zoyenera kuchita sizitenga mphindi khumi.

Poyamba, pangano likhale ndi masiku onse awiri, lopita ndi lobwezera, ndi madeti ake ndi maola ake. Mawu akuti "ndidzakugwirirani tsiku lina" ndi amene amadanitsa anthu. Uthenga umodzi wa pafoni wopita kwa supavaiza, mnzanu akuuona, ndi wokwanira: "Bwana, ndikupempha kusinthana ndi uje. Iye agwira Loweruka pa 19, 6 koloko mpaka 2 koloko, m'malo mwanga. Ine ndigwira Lachiwiri pa 22 m'malo mwake. Chonde vomerezani." Mnzanuyo ayankhe momwemo kuti wavomera, ndipo supavaiza ayankhe ndi mawu. Musakhutire poona kuti uthenga wachoka. Kunyanja kuno netiweki imazembera, makamaka magetsi akazima, ndipo uthenga wa pa WhatsApp wokhala ndi kachizindikiro kamodzi ndiye kuti sunafike pafoni ya bwana.

Kenako pali sitepe imene pafupifupi aliyense amaidumpha: kukaona ndi maso anu kuti rosita yasinthadi. Supavaiza akhoza kuvomera koma osakhala ndi mphamvu yosintha za mu kompyuta, chifukwa m'malo ambiri amasintha ndi wa mu ofesi. Funsani kuti, "Kodi mwawauza a mu ofesi, kapena ndikawauze ndine?" Ngati rosita ndi ya papepala, dzina lakale likhwatchidwe, latsopano lilembedwe, supavaiza asaine pambali ndi deti, inu mujambule ndi foni. Ngati ndi pulogalamu ya pafoni, dziwani kuti pempho limadutsa pawiri: mnzanu avomere, kenako bwana avomere. Pempho limene likudikirabe silinasinthe kanthu. Chizindikiro chodalirika n'chimodzi chokha, chakuti shifitiyo yachoka pa dzina lanu ndipo ikuoneka pa dzina la mnzanu. Ikakhala kuti ili pa dzina lanu, ndi yanu, ndipo mnzanuyo akadwala kapena minibasi ikamuchedwetsa, wojomba ndinu.

Pali njira yachidule imene ena amalangizana, yakuti wogwira m'malo asaine dzina la mnzake mu kaundula kapena alowetse nambala yake yachinsinsi, kuti mabuku aoneke oyera. Musayerekeze. Kumeneko n'kunamiza olemba ntchito, mlandu waukulu kuposa kujomba. Komanso ndalama za mu bala zikasowa tsiku limenelo, funso limapita kwa amene dzina lake lili m'buku, ngakhale anali kumanda. Ndipo wogwirayo akapsa ndi mafuta kukhitchini kapena kuterereka pa masitepe, nkhani ya chipukuta misozi imayamba ndi funso lakuti kodi anali pa ntchito, pamene buku likuti kunalibe.

Mayi uja anakhala pa bwalo lomva nkhani yake. Kujomba popanda chilolezo si nkhani yaing'ono, pakuti gawo 59 limaika mlanduwu pa zifukwa zimene munthu angachotsedwere ntchito popanda notisi, ngakhale gawo 57 limati apatsidwe kaye mpata wodziteteza. Anabwera ndi mnyamata uja ngati mboni, ndipo anapempha kuti atulutse zodinda chala za pa 19 ndi pa 22, aziike pamodzi. Masiku awiriwo atayandikana, zinaoneka poyera kuti ndi kusinthana. A supavaiza atabwera kutchuthi anati akukumbukira kuti panali nkhani ya maliro, koma za Lachiwiri sanazikumbukire, ndipo sindikukhulupirira kuti ananama. Munthu wowerenga makireti samva zonse.

Zikanakanika, njira inalipo yokadandaula ku ofesi ya zantchito ku boma la Nkhata Bay, ulendo wa makilomita pafupifupi 40, ndipo pa nkhani ya kuchotsedwa ntchito lamulo limapereka miyezi 3 yokha yokadandaulira. Kupitirira apo ndi ku khoti la milandu ya pantchito ku Mzuzu. Sizinafike pamenepo. Kalata ija inachotsedwa mu failo yake, dzina la mnyamata linakonzedwa mabuku a mwezi wake asanatsekedwe, ndipo K5,000 ya mayi inabwezedwa pa malipiro a mwezi wotsatira, patatha sabata zinayi kuchokera pamene ankaifuna kuti alipire ngongole ya pamaliro.