Akaunti ya Sasipensi: Malo Odikirira Ndalama Zimene Sizinapeze Kwawo

M'kalasi ya kasungidwe ka mabuku a pafamu tinaphunzira kuti ndalama iliyonse imalembedwa kawiri, kamodzi kumbali ya debiti ndipo kamodzi kumbali ya kirediti. Tikagulitsa mazira ndi kulandira ndalama m'manja, timalemba debiti m'buku la ndalama ndi kirediti mu akaunti ya malonda a mazira. Pakutha kwa mwezi timasonkhanitsa zotsala za maakaunti onse a mu leja pa pepala limodzi lotchedwa tirayo balansi, ndipo mbali ziwirizo ziyenera kufanana mpaka pa ngwee yomaliza. Zikapanda kufanana timadziwa kuti penapake palakwika, koma pepalalo silitiuza kuti cholakwacho chili pati. Kuchifufuza kungatenge masiku, pamene komiti ya kopaletivi kapena mwini famu akufuna lipoti mawa lomwe. Apa ndi pamene timatsegula akaunti ya sasipensi.

Akaunti imeneyi siimira chuma, ngongole, malonda kapena ndalama zimene tawononga. Ndi malo odikirira chabe. Timaikamo kusiyana kwa mbali ziwirizo, kumbali imene yaperewera, kuti tirayo balansi ifanane kwa kanthawi pamene ife tikufufuza.

Titenge chitsanzo cha famu ya nkhuku. Pa 31 Meyi mbali ya debiti yakwana K86,400 pamene ya kirediti yakwana K85,050. Kirediti yaperewera ndi K1,350. Tisanatsegule chilichonse, tiyambe tawonkhetsanso mizere yonse iwiri ndi kuona ngati tinakopera bwino zotsala za mu leja, pakuti nthawi zambiri vuto limakhala pomwepo. Ngati kusiyanako kukadalipo, timatsegula tsamba latsopano mu leja, kulitcha Sasipensi, ndi kulemba K1,350 kumbali ya kirediti. Tsopano mbali zonse ziwiri zili pa K86,400.

Kufufuza kumayamba ndi kuyerekeza buku la ndalama ndi leja, mzere ndi mzere, malisiti ali pambali, tikuika kachizindikiro ka pensulo pa nambala iliyonse imene taipeza mbali zonse ziwiri. Tikupeza kuti pa 17 Meyi tinagulitsa mazira a K900. Ndalamazo zinalembedwa bwino m'buku la ndalama, koma wolemba sanazipititse ku akaunti ya malonda a mazira. Debiti ilipo, kirediti palibe. Funso loyenera kudzifunsa ndi lakuti: kodi akaunti imene inalakwiridwa ikusowa chiyani? Ikusowa kirediti ya K900. Timaipatsa kirediti imeneyo, ndipo debiti yake timailemba mu sasipensi. Buku la ndalama sitilikhudza, chifukwa linali lolondola kale. Ophunzira ambiri amaphonya pamenepa: amalembanso K900 m'buku la ndalama, ndipo bukulo limayamba kusonyeza ndalama zimene m'bokosi mulibe. Mu sasipensi tsopano mwatsala K450 ya kirediti.

Nambala yotsalayi ikutiuza kanthu. K450 ikugawika ndi 9 popanda chotsala, ndipo zikatero timayamba kukayikira kuti manambala awiri anasinthana malo polemba. Wolemba akaika 72 m'malo mwa 27, kusiyana kwake ndi 45. Akaika 81 m'malo mwa 18, ndi 63. Nthawi zonse kusiyanako kumagawika ndi 9. Si umboni wotsimikizika, koma kumatisonyeza koyambira. Tikuyang'ana malisiti ndipo tikupeza kuti tinagula chakudya cha nkhuku cha K1,270. M'buku la ndalama munalembedwa K1,270 molondola, koma mu akaunti ya chakudya cha nkhuku munalowa K1,720. Debiti inapitirira ndi K450. Timaichepetsa polemba kirediti ya K450 mu akaunti ya chakudya cha nkhuku, ndi debiti ya K450 mu sasipensi. Mbali ya debiti ya sasipensi ili ndi K900 ndi K450, zimene pamodzi ndi K1,350, mofanana ndi kirediti imene tinayamba nayo. Timajambula mizere iwiri pansi pake, akauntiyo yatsekedwa.

Zokonza zonsezi zimayamba zalembedwa mu jenolo, ndi tsiku lake ndiponso mawu ochepa ofotokoza chimene chinalakwika, kenako n'kupita ku leja. Nambala yolakwikayo sitiifufuta kapena kuipaka inki, popeza woyendera mabuku afunika kuona njira yonse imene tinadutsa. Tionenso kuti phindu la mwezi wa Meyi lasintha: malonda akwera ndi K900, zowononga zatsika ndi K450, motero phindu lenileni likuposa limene tinauza komiti ndi K1,350. Lipoti limene linaperekedwa sasipensi isanatsekedwe liyenera kukonzedwa.

Pali chizindikiro china chothandiza. Ndalama ikalembedwa kumbali yolakwika, kusiyana kwake kumakhala kowirikiza kawiri. K200 imene inayenera kukhala kirediti ikalowa ku debiti, mbali ziwirizo zimasiyana ndi K400, ndipo pokonza timalemba K400, osati K200. Choncho ndi nzeru kugawa kusiyanako pakati ndi kufunafuna nambala imeneyo m'mabuku.

Chifukwa chachiwiri chotsegulira sasipensi chachuluka masiku ano a ndalama za pafoni. Mu akaunti ya kopaletivi mwalowa K2,500 kuchokera ku nambala imene palibe akuidziwa. Ndalamazo zilipodi, ndiye debiti yake m'buku la ndalama siingadikire. Koma kirediti ipite kuti? Mwina ndi membala amene akulipira sheya, mwina ndi wogula amene akubweza ngongole, mwinanso ndi munthu amene anangophonya nambala ndipo adzazifuna. Timalemba kirediti mu sasipensi, pamodzi ndi tsiku, nambala ya foni ndi nambala ya uthenga wotsimikizira. Patapita mlungu, tikumva kuti anatumiza ndi mwana wa wabutchala amene anatenga nkhumba pangongole. Timalemba debiti ya K2,500 mu sasipensi ndi kirediti mu akaunti ya wabutchalayo. Tikanangoziponya m'malonda, nkhumba imodzi ikanawerengedwa kawiri, ndipo tikanapita kukalonjerera ngongole kwa munthu amene analipira kale. Chibale cha malonda chimatha ndi zinthu zotere.

Sasipensi ili ndi malire ake. Imagwira zolakwa zokhazo zimene zimasiyanitsa debiti ndi kirediti. Lisiti ya feteleza ikatayika osalembedwa konse, tirayo balansi imafanana bwinobwino. Feteleza akalembedwa mu akaunti ya mbewu, kapena pampu yatsopano yothirira ikalembedwa ngati ndalama zokonzera zida, mbali ziwirizo zimafananabe. Zolakwa zotere timazikonza mu jenolo pakati pa maakaunti okhudzidwawo, sasipensi osaikhudza n'komwe.

Tisanyengedwenso ndi kuchepa kwa nambala. K50 yokhala mu sasipensi ikhoza kukhala zolakwa ziwiri zazikulu, china cha K3,000 mbali iyi ndi china cha K2,950 mbali inayo, zimene zaphimbana. Ndipo ndalama zikasowa m'bokosi la msungichuma, imeneyo ndi nkhani yoti komiti iimve tsiku lomwelo, osati yoti igone mu sasipensi miyezi isanu ndi umodzi. Ife timalangiza kuti wapampando aziona tsamba limeneli mwezi uliwonse ndi kufunsa za nambala iliyonse imene ilimo: inalowa liti, ndani akuifufuza, ndipo afika pati. Chaka chikatha isanatsekedwe, chotsala chake chimaonekera pa balansi shiti, ndipo pamsonkhano waukulu wa pachaka msungichuma ayenera kufotokozera mamembala ndi woyendera mabuku nambala iliyonse payokha.