Kaundula ndi DHIS2 akasiyana mwakachetechete

Funso: Ndine kalaliki wa ziwerengero pa chipatala china chaching'ono m'boma la Karonga. Manambala a malungo omwe ali mu DHIS2 nthawi zina sagwirizana ndi a m'kaundula wathu, koma timazindikira patapita miyezi itatu. Ndichite chiyani?

Yankho: Musadikire kutha kwa kotala, bambo. Lachisanu lililonse lembani lipoti la tsamba limodzi losonyeza zokhazo zomwe zasiyana.

Werengani m'kaundula wa malo oyezera magazi anthu omwe apezeka ndi malungo sabata imeneyo, tsiku ndi tsiku, kenako yerekezani ndi kaundula wa odwala ongobwera n'kubwerera, komwe kumachokera lipoti la pamwezi lolowa mu DHIS2. Tiyerekeze kuti koyezera kuli 64 pomwe kwinako kuli 58. Musangolemba kuti pali kusiyana kwa 6. Lembani nambala ya wodwala aliyense wosowayo, tsiku lake, ndi buku lomwe sakupezekamo. Kawirikawiri mudzapeza kuti onsewo ndi a tsiku limodzi, mwina Loweruka pomwe wolemba kunalibe.

Chenjerani ndi zowonkhetsa zofanana. Odwala atatu akasowa, ena atatu n'kulembedwa kawiri, chiwerengero chimagwirizana ngakhale mabuku ali olakwika. N'chifukwa chake timayerekeza mzere ndi mzere.

Cholakwika chisafufutidwe mobisa. Lembani amene wakonza ndi tsiku, ndipo chomwe chakhala masabata awiri chosakonzedwa chipite kwa woyang'anira ziwerengero ku ofesi ya zaumoyo pa boma lipoti la mwezi lisanatumizidwe.